Nayeli Agwira Waya Wofiira

Nayeli ankakhala mumzinda wa Oaxaca. Ankakonda kufunsa mafunso. Ankafuna kudziwa chimene chimayatsa babu.

Tsiku lina aphunzitsi, a Eusebio, anati, "Sankhani gulu la Lachisanu. Pali la sayansi. Pali la zosoka."

Atsikana anatsegula buku la sayansi. Munali bambo woyang'ana nyenyezi. Munali bambo wosakaniza mankhwala. Munali bambo wokonza magetsi.

Amayi analimonso. Wina ankasesa. Wina anabereka mwana. Wina ankaphika tortilla, buledi wopyapyala wa ufa wa chimanga.

Palibe amene analetsa atsikanawo. Buku lilibe pakamwa. Koma onse, kupatula Nayeli, anasankha zosoka.

"Tiye kuno, iwe," anatero Marisol, mnzake wa Nayeli wapamtima. "Uko n'kwa anyamata. Sukuona m'bukumu?"

Nayeli anapita ku sayansi yekha.

Kumeneko aphunzitsi anakweza buku. "Chitani monga pachithunzipa," anatero.

Pachithunzipo anyamata ankalumikiza mawaya. Mtsikana anali kumbuyo. Anangogwira pensulo.

"Waona?" anatero mnyamata wina, Braulio. "Ife mawaya, iwe pensulo."

Nayeli analemba zimene anyamata ankachita. Lachisanu lotsatira analembanso. Waya sanamukhudze n'komwe.

Pa nthawi yopuma ankadya yekha. Anyamata ankasewera mpira. Atsikana ankakamba za nsalu. Nayeli anasungulumwa kwambiri.

Kunyumba anauza amayi ake zonse. "Ndisiya, amayi. M'buku mulibe mtsikana wogwira waya."

Amayi anayang'ana chithunzicho. "Amene anajambula bukuli anakuonapo iwe?"

"Ayi."

"Nanga manja akowa akuwadziwa bwanji, mwanangu?"

Nayeli anayang'ana manja ake.

Lachisanu linafika. Braulio anamupatsa pensulo. Nayeli anaiika patebulo.

"Aphunzitsi, lero ndikufuna waya."

A Eusebio anayang'ana buku. Anayang'ana Nayeli. Manyazi anawagwira. Anatseka bukulo.

"Mpatseni," anatero.

Nayeli anatenga waya wakuda. Anamulumikiza kumbali imodzi ya batire. Anatenga waya wofiira. Anamulumikiza kumbali inayo. Kenako anagunditsa mawaya onse pababu.

Babu linayaka, ngwee!

"Sunachite mantha?" anafunsa Braulio.

"Lemba, iwe," anatero Nayeli. "Pensulo ili apo."

Anyamata anaseka. Braulio nayenso anaseka, n'kuyamba kulemba.

Pawindo panali munthu. Anali Marisol. Singano inali idakali m'manja. Anaona zonse.

"Nayeli," ananong'ona, "saluma wayayo?"

"Saluma. Bwera udzagwire."

Marisol analowa pang'onopang'ono. Anagwira waya wofiira. Babu linayakanso.

Madzulo Nayeli anafika kunyumba akuthamanga. Sanali yekha.

"Amayi, ikani mbale ina! Ndabwera ndi mnzanga wa ku sayansi."