Kudikira Safina pa Mlatho

Panali chinthu chimene ndinali ndisanauzepo munthu, ngakhale amayi anga. Nthawi iliyonse imene ndinkalembera Safina pa foni kuti "palibe vuto," ndinkalemba misozi ikulengeza m'maso.

Dzina langa ndine Lois, kwathu ndi ku Mbedza. Titalemba mayeso a Fomu 4, ine ndi Safina tinayamba geni ya sitiroberi podikira zotsatira. Tinkakwera phiri m'mamawa kukapikula kwa a Luckson, mlimi wa kufupi ndi mtsinje wa Mulunguzi, n'kutsika nazo m'tauni kwa Mayi Yakobo, amene amaphika jamu ndi makeke. Sitiroberi sizichedwa kuonongeka. Zimathyoledwa kukuzizira, ndipo ziyenera kufika kumunsi dzuwa lisanalimbe. Zikangotenthedwa m'beseni zimafewa, zapansi n'kuphwanyika.

Amayi analola geniyi atandipatsa lamulo limodzi: njira ya m'nkhalango osayenda ndekha. Choncho ine ndi Safina tinapangana kuti tizikumana 6 koloko pa kamlatho pamene njira yachidule yokwera phiri imayambira.

Ine ndinkafika nkhungu isanachoke. Ndinkakhala pa beseni langa nditalivundikira, n'kumaona amayi opita ku nkhuni akudutsa, kenako ana a sukulu, kenako anthu a m'maofesi. Foni inkalira: "Ndili m'njira." Ndinkadziwa kuti Safina akulemba ali m'bafa. Akafika, dzuwa litatulukiratu, ankandikumbatira n'kundiseketsa, ine n'kuseka. Safina ndi amene anabwera kudzakhala nane pa desiki ku Fomu 1, pamene ena onse ankanditcha Chete. Kupatula iye, mnzanga wina ndinalibe.

Lachisanu lina tinafika kwa a Luckson mochedwa kwambiri. Zipatso zabwino zinali zitatengedwa kale ndi anyamata ogulitsa kwa alendo m'mbali mwa msewu. Tinatsika ndi zotsalazo dzuwa lili pamutu. Mayi Yakobo anapisa dzanja m'beseni langa, linatuluka lili psuu.

"Izi si zipatso, ndi phala," anatero osakweza mawu. "Ana inu, Lolemba mukabweranso chonchi, ndipeza ena. Sindikukuopsezani ayi."

"Akungotiopseza," anatero Safina titatuluka pa geti. "Iwe, wakwiya?"

"Palibe vuto," ndinayankha.

Lamulungu masana ndinakhala pa khonde ndi foni, ndikulemba n'kumafufuta. Achemwali anga a Rosebell, amene amaphunzira ku yunivesite, anali pomwepo akumasula tsitsi lawo. Anandiyang'ana kwa nthawi, kenako anatambasula dzanja.

"Bweretsa kuno. Mnyamata wake ndani?"

"Si mnyamata, ndi Safina."

Anawerenga mokweza, akutsanzira kamawu kanga: "Safi wanga, pepa kukuvutitsa. Mwina ngati kungatheke mawa uyeseko kufulumirako pang'ono? Koma ngati sizitheka palibe vuto." Kumapeto ndinali nditaikanso tinkhope tiwiri toseka.

"Ukupepesa chiyani? Amachedwa ndiwe?"

Ndinapukusa mutu.

"Ukanakhala Safina, utawerenga izi, mawa ukanadzuka nthawi yanji?"

"Nthawi yomwe ija," ndinavomereza.

"Ndiye walembera ndani? Lemba zimene zili mumtima."

Ndinalanda foni. Zala zinathamanga kuposa kale. "Iwe nthawi zonse umachedwa. Ndiwe waulesi komanso wabodza, sulabadira za anzako. Ngakhale kusukulu unali choncho. Ngati watopa nayo geniyi ungonena, madamu."

A Rosebell anaseka mpaka chipeso chinagwa. "Eee! Mkwiyo wonsewu umausunga pati, mwana wa amayi? Chabwino. Safina umamudziwa. Ayankha kuti chiyani?"

Ndinaganiza. "Ati si nthawi zonse, Lachiwiri anafika bwino. Atinso waulesi sangakwere phiri ndi beseni."

"Ndipo akhala akunena zoona. Muyamba kukangana za Lachiwiri ndi za ulesi, uku zipatso zikuola. Ukamutcha dzina, iye aziteteza dzina lake, za kuchedwa aiwala. Lemba chimene chinachitika, choti sangachitsutse."

Ndinafufuta zonse. Ndinalemba kuti sabata yathayi, kupatula Lachiwiri, anafika pa mlatho itadutsa 7 koloko. Zinkaoneka zouma, ngati kalata ya kwa ahedi. Ndinawonjezera zimene kuchedwako kunadzetsa: zipatso zinafewa, ndipo Mayi Yakobo atipatsa mwayi womaliza. Apa ndinaima.

"Nanga za iwe?" anafunsa achemwali. "Kapena amene amakhala pa mlatho ndi Mayi Yakobo?"

Zimenezo ndi zimene zinandivuta koposa. Ndinalemba kuti "umandikhumudwitsa," koma mawuwo ankamveka ngati ndikumuloza chala. Ndinasintha: "Ine zimandiwawa kudikira ndekha." Pamenepo sakanatsutsa, poti mtimawo ndi wanga.

"Tsopano ukufuna achite chiyani? Usati afulumireko. Kufulumira kwa Safina ndi kwako n'kosiyana. Tchula nthawi. Nanga akapanda kufika?"

"Ndilemba kuti geni ithera pomwepo."

"Uithetsadi?"

Ndinayang'ana pansi. "Ayi."

"Ndiye usalembe. Ukaopseza ndi chinthu chimene sungachite, mawa mawu ako onse akhala opepuka. Lemba chimene iweyo uchitedi, osati chilango chake."

Ndinalowa m'nyumba kukafunsa amayi ngati ndingakwere phiri ndi Mayi Consolata, a kutchalitchi kwathu, amene amadutsa pa mlathowo ndi anzawo popita ku nkhuni. Amayi anavomera. Nditabwerera, uthenga unakhala chonchi:

"Safina, sabata yathayi, kupatula Lachiwiri, unafika pa mlatho itadutsa 7 koloko. Zipatso zinafewa, ndipo Mayi Yakobo anati mawa ndi mwayi womaliza. Ine zimandiwawa kudikira ndekha. Ndikufuna mawa tikumane 6 koloko monga tinapanganirana. Ukapanda kufika, ndikwera ndi Mayi Consolata, undipeza kwa a Luckson. Ngati pali chimene chikukuchedwetsa, ndiuze lero tione chochita. Geniyi ndikufuna tipitirize limodzi."

Munalibe "pepa," munalibe "mwina," munalibe kankhope koseka. Munalibenso mawu achipongwe ngakhale amodzi. Ndinawerenga mokweza kuti ndimve ngati ndingathe kumuuza zomwezo pamaso, kenako ndinatseka maso n'kutumiza.

Safina anawerenga nthawi yomweyo. Kuyankha ayi. Madzulo anangolemba kuti, "Ndamva." Chala changa chinalemba chokha: "Koma usadandaule, palibe vu..." Ndinafufuta, n'kukaponya foni pansi pa pilo.

Lolemba kunacha kozizira. Phiri lonse linali litabisala mu nkhungu. Ndinaima pa mlatho ndikuyang'ana kumsewu, ndikupemphera kuti ndione juzi yake yachikasu. M'malo mwake ndinamva mawu a amayi a nkhuni, zikwanje zawo atazikulunga m'zitenje.

"Mwana wa Mayi Maria, tiye," anatero Mayi Consolata. "Amayi ako andiuza."

Nthawi inali itakwana. Foni inalira: "Ndili m'njira, ndidikire." Miyendo inkafuna kukhalanso pa beseni. Ndinalemba kuti, "Ndanyamuka ndi Mayi Consolata monga ndinanenera. Undipeza kwa a Luckson." Ndinasenza beseni n'kuwatsatira.

Phiri limenelo sindinalionepo lalitali chotero. Amayiwo ankacheza za maliro a ku Songani, ine ndili kumbuyo, ndikucheuka pa kona iliyonse. Madontho ankagwa kuchokera m'mitengo ya paini n'kumalira m'beseni lopanda kanthu. Ndinkangodzifunsa: ngati sabwera? Ngati mawa andidutsa pa msika ngati sandidziwa?

"Wolongolola uja ali kuti lero?" anafunsa a Luckson atandiona.

"Akubwera," ndinatero, ngakhale sindinkadziwa.

Zipatso zinali zikadali ndi mame, zolimba, zonunkhira. Ndinayala masamba pansi pa beseni n'kuyamba kusanja, zokhwima pang'ono pansi, zakupsa kwambiri pamwamba, osadzazitsa kuti zisapanikizane. Beseni limodzi linali theka chabe la zimene Mayi Yakobo ankafuna. Ndinkaganiza zoti ndikawauze chiyani pamene ndinamva kupuma kwa wefuwefu kumbuyo kwanga.

Safina anali ataima m'mphepete mwa munda, siketi itanyowa ndi mame, mwendo utakalika ndi minga. Sanandikumbatire.

"Wandisiya," anatero. "Ndakwera ndekha, Lois. Pa miyala paja panali anyani."

Mawu akuti "pepa" anafika pakhosi. Ndinawameza. "Ndinakuuza dzulo kuti nditero. Za anyani zandimvetsa chisoni."

"Uthenga uja anakulembera ndani? A Rosebell?"

"Anandithandiza kuchotsa zina. Zotsalazo ndi zanga."

Anaponya beseni lake pansi n'kugwada mbali ina, kuyamba kusanja zipatso osandiyang'ana. A Luckson anasuntha mwakachetechete kupita kumapeto kwa munda.

"Ndinkafuna nditsutse," anatero Safina kenako, mawu atatsika. "Ndinawerenga kambirimbiri kufunafuna pamene wanama kapena pamene wanditukwana. Sindinapapeze. Zinandikwiyitsa kwambiri." Anapukuta mphuno ndi juzi. "Palibe chimene chimandichedwetsa, iwe. Ndimangogona. Alamu ikalira ndimati, aaa, Lois sadandaula. Wekha unkati palibe vuto. Tsiku lililonse. Ndikanadziwa bwanji?"

Ndinayang'ana manja anga, ofiira ndi zipatso. Pa foni munthu umafufuta, umafunsa achemwali, umatseka maso potumiza. Apa panalibe chofufutira. Safina anali atadzutsa mutu, akundidikira. Aka kanali koyamba iye kudikira ine.

"Vuto linalipo, Safi," ndinatero. "Tsiku lililonse linalipo. Ndinkalira pa mlatho paja, n'kupukuta misozi ndikakuona ukubwera. Ndinkaopa kuti ndikanena, undisiya, ndikhalanso Chete uja wa pa desiki yekha."